Anandipatsa 60 pa tebulo la 100, n'kunena kuti ndiyankhe pofika 5 koloko

Pa mawu onse amene ogula amakonda kunena, amene ndimachenjera nawo kwambiri ndi akuti "tiyeni tingokumana pakati." Amamveka achilungamo, moti ukawakana umaoneka ngati munthu wouma mutu. Koma pakati pamadalira pamene aliyense waima. Mnzakoyo akaima dala kutali kwambiri, pakatipo pamapezeka kuti pali kale m'dera lake, ndipo iwe ukamapita kukakumana naye umakhala ukuyenda wekha, iye atangokhala. Kampani ina inandichitira zimenezi pa oda imodzi, ndipo inagwiritsa ntchito machenjera atatu motsatizana: mtengo woyambira wotsika mochititsa manyazi, anthu awiri wina waukali wina wachifundo, kenaka nthawi yoikika yabodza. Nditaziona bwinobwino ndinapeza kuti onse atatuwo ankafuna chinthu chimodzi, kuti ndiiwale nambala yanga n'kuyamba kuwerengera kuchokera pa yawo.

Ine ndine kalipentala, ndili ndi malo anga opangira mipando ndi matebulo, ndipo ndimagwira ndi amisiri angapo. Kampaniyo inkatsegula ofesi yatsopano ndipo inkafuna matebulo 120 a madirowa. Manambala ndawasintha kuti asavute kutsatira. Tinene kuti pa kotesheni ndinalemba 100 pa tebulo limodzi, ndipo manambala ena onse muwayerekeze ndi imeneyo.

Ndisanapite kukakumana nawo ndinali nditawerengera kale kuti tebulo limodzi lindidyera zingati. Matabwa, zitsulo za miyendo, timanjanji ta madirowa, guluu ndi vanishi zinkakwana 50. Malipiro a amisiri anali 18. Kunyamula katunduyo ndi kukamulumikiza ku ofesi yawo kunali 7, ndipo lendi, magetsi ndi kukonzetsa makina ndinaziika pa 7. Zonse pamodzi 82. Anthu ambiri amaima pamenepa, n'kumaganiza kuti chilichonse choposa 82 ndi phindu ndiye angachilandire. Ayi. Oda ya matebulo 120 inkatanthauza kuti kwa milungu 8 malo anga onse akhala odzaza ndi ntchito imodzi, ndipo maoda ang'onoang'ono amene ndinali nawo kale m'manja ndiwakana kapena ndiwapereka kwa anzanga. Maodawo nditawawerengera, phindu lake pa milungu 8 imeneyo linali pafupifupi 1,080. Mukagawa 1,080 ndi matebulo 120 mupeza 9. Ndiye kuti pansi panga penipeni panali pa 91, osati pa 82. Mtengo uliwonse wochepera 91 unkatanthauza kuti ndibwino kungokhala ndi makasitomala anga akale.

Mfundo imeneyi si yanga. Roger Fisher ndi William Ury a ku yunivesite ya Harvard anaifotokoza mu 1981, kuti mphamvu ya munthu pokambirana imachokera pa chimene angachite zokambiranazo zikalephereka. Ine ndinangoisandutsa nambala, n'kuilemba pa kapepala kamene ndinakaika m'thumba la malaya. Mungaseke, koma kapepalako kanandithandiza kuposa luso lililonse la pakamwa.

Ku ofesi kwawo ndinapeza anthu awiri. Wina anali bambo woyang'anira zogula, amene tinkalankhulana pa foni masiku onsewo, munthu wansangala. Winayo anali mayi oyang'anira zachuma, amene ndinali ndisanawaonepo. Ndinali nditabweretsa tebulo limodzi lachitsanzo. Bambo aja ankangotsegula dirowa n'kutseka, kutsegula n'kutseka, akumvetsera mmene likutsetserekera. Mayi aja sanalikhudze n'komwe. Anatenga kotesheni yanga, anaiyang'ana pang'ono, n'kuitembenuza chafufumimba pa desiki.

"Bambo, apa mwina mwalakwitsa polemba. Ife tili ndi 60. Ngati simungathe, musatitayitse nthawi, alipo ena akudikira."

Chimene chinachitika m'mutu mwanga nthawi imeneyo n'chimene ndikufuna muchidziwe, chifukwa chidzakuchitikirani inunso. Ndinkadziwa bwinobwino kuti 60 ndi nthabwala, popeza zipangizo ndi amisiri okha zinali 68. Komabe mutu unayamba wokha kuwerengera kuti kodi 88 sangalole, nanga 85 bwanji. Mphindi zochepa m'mbuyomo ndinkaganiza zoti mwina nditsika kufika pa 96, koma tsopano 96 yomweyo inkaoneka ngati dyera. Tebulo linali lomwelo, mtengo wa matabwa sunasinthe, chimene chinasintha n'chakuti khutu langa linamva nambala.

Zimenezi sizichitikira anthu ofooka okha. Mu 1974, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anthu ankaona gudumu la manambala likuzungulira n'kuima, kenaka n'kufunsidwa kuti mwa mayiko a m'bungwe la United Nations, a mu Afirika ndi angati pa 100 alionse. Amene gudumu linawaimira pa 10 ankayankha cha m'ma 25, pomwe amene linawaimira pa 65 ankayankha cha m'ma 45. Gudumulo linalibe mgwirizano uliwonse ndi funsolo, ndipo anthuwo ankaliona ndi maso awo likuzungulira, koma nambala yake inawakokabe. Nanga kuli bwanji nambala yotuluka m'kamwa mwa munthu amene ali ndi ndalama zimene ukuzifuna?

Onaninso masamu ake. Pakati pa 100 ndi 60 ndi 80, pamene ine ndikuluza 2 pa tebulo lililonse. Akanayambira pa mtengo wanzeru, tinene 84, pakati pakanakhala 92. Ndiye kuti pongotchula 60 m'malo mwa 84, mayi aja anasuntha pakati ndi 12 osataya kalikonse. Pa matebulo 120 zimenezo ndi 1,440. Mtengo wonyoza woyambira cholinga chake si chakuti uulandire, iwo eni akudziwa kuti sungaulandire. Cholinga n'chakuti uuyankhe ndi nambala ina, chifukwa ukangoyankha kuti "ayi, 90," wavomereza kuti mpikisano uli pakati pa 60 ndi 90, ndipo pakati patsikanso kufika pa 75.

Choncho sindinatchule nambala iliyonse. Ndinangofunsa mwaulemu kuti, "Mayi, 60 imeneyi mwaipeza bwanji?" Anati pali wina amene wawapatsa mtengo umenewo. Sindinafunse dzina lake, chifukwa sakanandiuza ndipo sindinkalifuna. Ndinafunsa za tebulo lakelo. Kodi pamwamba pake ndi thabwa la mamilimita 25 ngati limene munalemba pa pempho lanu, kapena la 16? Miyendo ndi yachitsulo? Madirowa ali ndi timanjanji ndi loko? Kodi 60 imeneyo ikuphatikiza kubweretsa ndi kulumikiza? Pa mafunso onsewa sindinalandire yankho ngakhale limodzi, anangoti zimenezo si nkhani yanga. Pamenepo ndinadziwa zambiri. Munthu amene alidi ndi kotesheni ina ya katundu wofanana amakonda kuionetsa, mwina atabisa dzina ndi chala, chifukwa ndi chida chake champhamvu. Amene alibe amasintha nkhani.

Ndinawauza kuti, "Pa 60 tebulo ili silingapangike, kaya ndi ine kaya ndi wina. Ngati bajeti yanu ndi 60, tikambirane za tebulo lina logwirizana ndi 60. Koma ngati mukufuna ili, tiyambire pa kotesheni." Kenaka ndinakhala chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, pakamwa pamayabwa kuti uwonjezere kuti "komabe ndikhoza kuchotsako pang'ono." Ukatero wadzitsitsa wekha mnzako asanasunthe. Sindinawaonetsenso mndandanda wa zimene ndimawononga. Ukaonetsa 82, zokambirana zimasanduka zoti n'chifukwa chiyani ukufuna phindu lalikulu chotere, ndipo amayamba kukusankhira okha phindu lokuyenera.

Mayi aja anaimirira, anasonkhanitsa mapepala awo, n'kutuluka osatsanzika.

Chitseko chitangotsekeka, bambo aja anapumira m'mwamba, anasendeza mpando wawo pafupi ndi wanga, n'kutsitsa mawu. "Achimwene, pepani kwambiri. Mayi amenewa ndi ovuta, ngakhale ife amatipanikiza chonchi. Ine katundu wanu ndamukonda, ndipo ndikufuna ntchitoyi ikhale yanu. Ndithandizeni kuti ndikathe kukumenyerani nkhondo. Tandiuzani pansi panu penipeni, zikhala za ife awiri."

Awa ndi machenjera amene anatchuka ndi apolisi pofunsa munthu womuganizira mlandu, wina amakalipa n'kutuluka, wina amabwera ndi mawu ozizira, ndipo womangidwayo amaulula kwa wachiwiriyo. Ambiri amaganiza kuti woopsa ndi waukali uja. Ine ndimati woopsa ndi wachifundoyu. Waukali ntchito yake ndi kukuzunguza mutu basi, koma amene amatola zinthu ndi mnzakeyo, chifukwa munthu ukangonyozedwa kumene umafunitsitsa wina woti akumvetse, ndipo ukamupeza umamuuza zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikanangoti "kunena zoona 91 ndiye pothera," nambala imeneyo ikanafika kwa mayi aja tsiku lomwelo, ndipo 91 ikanakhala denga langa m'malo mokhala pansi panga.

Pali zizindikiro zimene ndimayang'ana. Wachifundoyo sakhala ndi mphamvu yosayina, nthawi zonse amati "ndikayesa" kapena "ndikawapempha." Zimene iye amakupatsa ndi mawu, kupepesa ndi kukuyamikira, pomwe zimene akupempha kwa iwe ndi ndalama kapena chinsinsi. Waukali amatuluka pa nthawi yabwino kwambiri, ndendende pamene iwe wakhumudwa. Ndipo wachifundoyo akabwera ndi mtengo, umakoma pokhapokha ukauyerekeza ndi wa mnzake uja. Bambo aja atangoona kuti sindikutchula nambala anati, "Ine ndikhoza kuwakakamiza mpaka 78." Pambuyo pa 60, 78 inamveka ngati mphatso. Nditakhudza kapepala kanga m'thumba ndinakumbukira kuti 78 ndi kuluza 4 pa tebulo lililonse.

Koma ndisanamizire munthu. N'kutheka kuti bambo aja ankandikondadi, ndiponso n'kutheka kuti mayi aja ndi aukali mwachibadwa. Mpaka lero sindinafufuze ngati anapangana. Chimene ndinapeza n'chakuti palibe chifukwa chofufuzira, popeza yankho lake ndi limodzi. Onse awiri amalandira malipiro ku kampani imodzi, ndiye ndimawatenga ngati pakamwa pamodzi ndi khutu limodzi. Chimene sindinganene pamaso pa waukali sindichinenanso kwa wachifundo. Ndinawathokoza bambo aja ndi mtima wonse, n'kuwauza kuti, "Achimwene, chimene ndingakuuzeni inu ndi chomwecho chimene ndingawauze mayi aja, ndiye ndilibe nambala yam'mbali. Koma ngati mukufunadi kundithandiza, ndikupatsani choti mupite nacho."

Ndinatenga pepala n'kulemba njira ziwiri. Yoyamba inali 96 pa tebulo lomwelo, kubweretsa ndi kulumikiza kuli momwemo, koma dipoziti ikwere kuchoka pa 30 peresenti imene inali pa kotesheni kufika pa 50 peresenti. Yachiwiri inali 89, iwo n'kudzatenga okha katundu ndi galimoto yawo n'kupeza owalumikizira. Mukaona bwino, njira ziwirizi kwa ine ndi imodzi, chifukwa 96 kuchotsa 7 ya mayendedwe ndi 89. Koma zinathandiza pa zinthu ziwiri. Zinachotsa nkhani pa 60 ndi 78 n'kuibweretsa pa manambala anga, komanso zinaonetsa kuti mtengo umatsika pokhapokha china chikachoka kapena china chikabwera. Dipoziti yokwerayo sinali yongokongoletsa, inkandilola kugula matabwa onse nthawi imodzi popanda kukongola. Ndinafunsanso kuti amasayina oda ndani, ndipo ndinapempha kuti ulendo wina munthu ameneyo adzakhalepo mpaka kumapeto. Wachifundo weniweni pepala lotere amalilandira mokondwa, chifukwa wapeza chokaonetsa abwana ake. Wongochita sewero amalipinda n'kubwereranso ku funso lake lija. Bambo aja analipinda, koma analisunga.

Ena amalangiza kuti uwauze poyera kuti masewera awo wawatulukira. Nthawi zina zimathandiza, makamaka ukanena moseka. Ine sindikonda, chifukwa ngati sanapangane ndiye kuti wanyoza munthu amene amakufunira zabwino, ndipo ngati anapangana wawachititsa manyazi, tsono munthu wamanyazi amaumirira pa mtengo wake pofuna kungoteteza ulemu.

Lachinayi masana foni inalira. Anali bambo aja, mawu ali mofulumira. "Achimwene, ndalimbana nawo kwambiri. Alola kuti tikumane pakati, inu 100 ife 60, ndiye 80. Koma akuti muyankhe pofika 5 koloko lero. Ikangodutsa, oda ikupita kwa wina uja."

Apa mpamene machenjera atatu aja anakumana. 60 ija inabala 80, wachifundo ndiye anaibweretsa ngati thukuta lake, ndipo wotchi inaikidwa kuti ndisapeze mpata wowerengera. Ndikanalola, ndikanaluza 240 pa oda yonse, n'kutayanso 1,080 ya makasitomala anga akale, kwinaku ndikuthokoza.

Ndinafunsa funso limodzi: "Kodi 5 koloko ikakwana, chichitike n'chiyani kumeneko?" Anayamba ndi kunena kuti mayi aja angotopa nayo nkhaniyi. Nditafunsa ngati pali msonkhano wovomereza maoda kapena ngati ndalama zake zikutsekedwa tsiku limenelo, anati ayi, koma abwana akufuna zithe. Nthawi yoikika yeniyeni imakhala ndi chochitika kumbuyo kwake chimene mungachiloze ndi chala: komiti imene ikukhala tsiku lakuti, bokosi loponyamo makotesheni limene likutsekedwa pa ola lolembedwa, chaka cha ndalama chimene chikutha, sitima imene ikunyamuka. Kawirikawiri imanenedwa poyambirira penipeni, imakhala yolembedwa, ndipo imapweteka mbali zonse ziwiri. Yabodza imatulukira mwadzidzidzi pamene wakana mtengo, imabwera itamangiriridwa ku mtengo womwewo, ndipo ukafunsa chifukwa chake yankho limasinthasintha. Ya Lachinayi ija inali ndi zizindikiro zonse za yabodza.

Ndinalinso ndi kalendala yanga. Iwo eni anali atandiuza pa foni yoyamba kuti ofesi ikutsegulidwa pakatha milungu 10, ndipo ntchitoyo inkafuna milungu 8. Kalipentala wina aliyense akanafunika kupanga chitsanzo, iwo n'kuchiona, n'kuchivomereza, asanadule thabwa loyamba. Ndiye kuti nthawi yoikika yeniyeni inalipo ndithu, koma inali pakhosi pawo, osati panga. Ichi n'chinthu chimene wopanikizidwa amaiwala, kuti wotchi imayendera onse. Munthu akamakufulumizitsa kwambiri, dzifunseni kuti wachedwa ndani.

Komabe sindinangokhala chete kudikira kuti 5 koloko idutse. Kuchita zimenezo n'kubetcha, ndipo kumapatsa mnzako chifukwa chonenera kuti sunayankhe. Ndinayankha nthawi isanakwane, molemba, kuti pakhale umboni. Uthenga wake unali waufupi. Ndinathokoza, ndinati 80 sindingathe chifukwa ili pansi pa zimene tebulolo limadya, ndinabwereza njira ziwiri zija, n'kuwonjezera zinthu ziwiri zoona. Choyamba, wondigulitsa matabwa anandisungira mtengo kwa masiku 14 okha, ndiye kotesheni yanga ikutha tsiku lomwelo, ndipo ndinalitchula. Chachiwiri, ngati akufuna katundu afike ofesi isanatsegulidwe, dipoziti iyenera kulowa pasanathe milungu iwiri. Ndinamaliza ndi kunena kuti ngati asankha wina, ndilibe nawo chifukwa, adzandikumbukire pa ntchito ina. Mawu omalizawa ndi ofunika, chifukwa amasonyeza kuti kuopseza kwawo ndakumva ndipo ndakulandira, sindikunjenjemera.

Zindikirani kuti nanenso ndinaika tsiku, koma langa linali ndi chifukwa chimene akanatha kuchifufuza. Sindikulangiza kubwezera bodza ndi bodza, monga kunama kuti pali wogula wina akudikira. Akangokuuza kuti "chabwino, mugulitseni ameneyo," umatsala wopanda ponena, ndipo mawu ako onse otsatira amapepuka.

5 koloko inakwana n'kudutsa. Sindikunamizani kuti ndinagona tulo tabwino. Oda ya matebulo 120 siibwera mwezi uliwonse, ndipo amisiri anga anali ataimva kale nkhani yake. Usiku umenewo ndinatenga foni kangapo, chala chili pa dzina la bambo aja, ndikuganiza zoti ndinene 88 zithe. Chinandiletsa si kulimba mtima, koma masamu. 88 inali pansi pa 91, ndipo palibe chinasintha pakati pa masana ndi usiku kupatula mantha anga. Lachisanu kunali zii. Lolemba m'mawa bambo aja anaimba, mawu ali bwinobwino, n'kufunsa ngati ndingafike masana kuti tikambirane za njira yoyamba ija. Za 5 koloko sanazitchule, inenso sindinazitchule. Kumukumbutsa munthu kuti kuopseza kwake kunali kwabodza kumakoma kwa mphindi imodzi, koma kumamutsekera khomo lobwerera, pomwe iwe ukufuna abwerere.

Ndisakupatseni chithunzi chakuti nthawi zonse foni imalira Lolemba. Pa ntchito ina ndinachita chimodzimodzi, ndipo tsiku limene ananenalo linali lenileni, oda inapitadi kwa wina. Ndinaumva kuwawa, koma mtengo umene ankapereka unali pansi pa nambala yanga, ndiye chimene ndinataya chinali ntchito yondisaukitsa. Muyeso wake ndi umenewo. Musanalole kuti tsiku lidutse, dzifunseni ngati mungapirire zitapezeka kuti akunena zoona. Ngati mtengo uli pamwamba pa nambala yanu ndipo mukungofuna kufinya pang'ono, kusewera ndi tsiku loikika n'koopsa, mwina ndibwino kulandira. Ngati uli pansi, tsikulo lilibe ntchito, likhale loona kapena labodza, yankho ndi ayi.

Nambala yapansiyonso siikhala imodzi chaka chonse. Ikanakhala nyengo imene malo anga ali mbee, popanda oda ina, 9 uja sakanakhalapo, ndipo lendi ikanandidikirabe kaya ndagwira ntchito kaya ayi. Pamenepo mtengo uliwonse woposa 75, kutanthauza zipangizo, amisiri ndi mayendedwe, ukanandichepetsera mavuto, moti 80 yomwe ija mwina ndikanaiganizira kawiri. N'chifukwa chake ogula ochenjera amayamba ndi kufunsa mocheza kuti "ntchito ikuyenda bwanji masiku ano?" Funso limenelo si moni chabe. Komanso pali ogula ena amene amatchula mtengo wotsika chifukwa chosadziwa mitengo kapena chifukwa bajeti yawo ndi yomweyo. Amenewa mumawazindikira mukawafunsa kuti nambalayo aipeza bwanji. Amayankha mosabisa, ndipo mukawapatsa katundu wina wogwirizana ndi thumba lawo amakondwa. Wochenjera uja safuna katundu wina, akufuna yemweyo pa mtengo wa winayo.

Lolemba masana mayi aja analipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ulendo uno anatsegulako dirowa. Anayambira pa 88, 60 ija osaitchulanso. Ine ndinakhala pa 96 mpaka atavomera dipoziti ya theka. Atafika pa 92 ndinatsika kufika pa 95, posinthana ndi kuti ndalama yotsalayo ilipiridwe pasanathe masiku 14 katundu akafika, osati 30 amene ankafuna. Pomaliza ndinafika pa 94, iwo atalola kuti ndibweretse matebulowo m'magawo awiri, 60 oyamba pa mlungu wa 5 ndipo otsalawo pa mlungu wa 8, zimene zinandipatsa malo oti ndigwireko timaoda tina tating'ono. Ndinkatsika pang'onopang'ono dala, choyamba 4, kenaka 1, kenaka 1, ndipo kalikonse kanali ndi chosinthana nacho. Ukatsika ndi 4 kenaka n'kutsika ndi 6, mnzako amaona kuti kutsogolo kudakali zambiri. Masitepe akamachepa amamva yekha kuti mwayandikira khoma. Pa 94 phindu langa linali 12 pa tebulo, 1,440 pa oda yonse.

Pepala la mgwirizano litabwera, cholembera chili kale m'manja mwanga, bambo aja anamwetulira n'kunena kuti, "Achimwene, poti tamvana bwino chonchi, mutiikireko mashelefu anayi a m'chipinda cholandirira alendo, aulere." Nthawi yotere ndi imene munthu umakhala wofewa kwambiri, chifukwa watopa ndipo sukufuna kuwononga zimene zatheka. Ndinaika cholembera pansi n'kuwauza kuti mashelefu ndipanga mosangalala, ndipo kotesheni yake ndiwatumizira mawa pa pepala lake. Ngati akufuna alowe m'pepala lomweli kwaulere, ndiye titsegulenso nkhani ya 94. Mayi aja anayang'ana mnzawoyo, n'kunena kuti za mashelefu tidzakambirana padera, ndipo anasayina. Ndisanasayine inenso ndinawerenga mzere uliwonse kuti ndione ngati makulidwe a thabwa, dipoziti ya 50 peresenti, masiku 14 ndi magawo awiri aja zalembedwa monga tinanenera. Masiku olipira anali atalembedwa 30, ndipo anawakonza ndi cholembera pomwepo, tonse n'kusayina pambali pake.